Ndani Anauona Mlatho wa Chongwe Ukugwa?

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Lero ndi tsiku la mafunso ndi mayankho pa mbiri yakale, ndipo nkhani yake iyambira m'basi.

Basi ya ku Chipata ikamawoloka mtsinje wa Chongwe, nthawi zina pamapezeka mkulu wina woloza pawindo. "Apa ndiye anaphulitsa mlatho asilikali a Smith," amatero. Amayi a pampando wakumbuyo amavomera, nkuwonjezera kuti zinali ndege, zinabwera m'mawa anthu akupita kumunda. Abambo ena akukana: ndege zake ziti, anali anthu oyenda pansi. Mnyamata wina akudinadina foni yake nkulengeza kuti chinali chaka cha 1978. Kondakitala alibe nazo ntchito, akungowerenga ndalama. Pofika ku Rufunsa nkhani yasintha, anthu ayamba kukamba za mtengo wa feteleza, ndipo aliyense watsala ndi mlatho wakewake m'mutu.

Mlathowo unali umodzi, ndipo unagwa tsiku limodzi. Mafunso amene omvera atumiza akuzungulira pomwepo: munthu amene sanalipo, amene sanaphunzire mbiri ku yunivesite, angadziwe bwanji wonena zoona m'basimo?

(Nyimbo pang'ono.)

Funso loyamba lachokera kwa mtsikana wa giredi 11. Akuti aphunzitsi ake amatchula mbiri, nthano, mphekesera ndi pulopaganda ngati zinthu zosiyana, koma kwa iye zonse ndi nkhani zakale basi. Zikusiyana pati?

Zimasiyana pa mwini wake wa nkhaniyo ndi chimene akufuna.

Nthano zina zimadziulula zokha. Ambuya akati "Padangokhala," ana nkuyankha kuti "Tili tonse," palibe amene amadzuka m'mawa kukafunafuna manda a Kalulu. Zovutirapo ndi nthano za chiyambi, zonga ya Kaphirintiwa, kumene Achewa amati anthu oyamba anatsikira nkusiya mapazi pathanthwe. Wokamba nkhani imeneyi sakunama. Akufotokoza kuti anthu ake ndi ndani, mvula ndi moto anazidziwa bwanji, Chauta ali nawo pa ubale wotani. Kuifunsa tsiku ndi chaka nkuifunsa chimene sinabwerere.

Mphekesera ilibe mwini. Imayenda ndi liwu limodzi lokha, lakuti "akuti." Munthu akafunsa kuti akutiwo ndani, amalozeredwa kwa wina, winanso kwa wina, mpaka njira ithera m'tchire. Makolo anaziona kale izi pamene anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Pulopaganda ndiye ili ndi mwini, ndipo mwiniyo amakhala ndi wailesi, makina osindikizira ndi ndalama. Ambiri amaganiza kuti pulopaganda ndi bodza lankunkhuniza. Yoteroyo imagwidwa msanga. Yoopsa ndi imene imatola zoona zingapo, nkusiya zina dala, kenako nkusankha mayina oitanira anthu kuti womvera akwiye kapena anyadire asanayambe kuganiza.

Mbiri yodalirika imafanana ndi mlandu wa pabwalo la mfumu. Aliyense amene anakhalapo pansi pa mtengo nkumvetsera mlandu wa malire a munda amadziwa mafunso a nduna. Inu munalipo? Munaona ndi maso, kapena munachita kumva? Anakuuzani ndani? Wodandaulayu ndi mbale wanu? Mundawu ukapita uku, inu mupindulapo chiyani? Alipo wina, wosakhala wa m'nyumba mwanu, amene anganene zomwezo? Akatswiri a mbiri ali ndi mayina aatali a ntchito imeneyi, koma mafunso ake ndi omwewa, ndipo amafunsidwa kwa munthu, kwa buku, kwa nyuzipepala ngakhale kwa chithunzi.

(Nyimbo pang'ono.)

Funso lachiwiri ndi la wophunzira za uphunzitsi ku Chalimbana. Akufuna kulemba za mlatho uja, koma sakudziwa poyambira.

Ayambire kwa anthu, koma asawasonkhanitse pamodzi. Akaika akuluakulu asanu pa mphasa imodzi, wolankhula kwambiri ndiye amapambana, ena onse nkumangoti "eya, ndi momwemo." Wophunzirayo amachokapo akuganiza kuti wapeza mboni zisanu chikhalirecho wapeza imodzi. Awayendere mmodzimmodzi, a m'midzi yosiyana, amuna ndi akazi omwe. Akafika, apereke ulemu, afotokoze chimene wadzera, apemphe chilolezo cholemba kapena chojambula mawu.

Kafunsidwe nakonso kali ndi msampha. Akati, "Ambuya, paja ndege za Smith zinaphulitsa mlatho mu 1979, si choncho?" wawapatsa kale yankho, ndipo ambuya aulemu angovomera kuti mlendo asachite manyazi. Afunse kuti, "Ambuya, tsiku limenelo munali kuti? Munkachita chiyani? Choyamba kumva chinali chiyani?" Akatero akhale chete. M'kope mwake agawe tsamba pakati: mbali ina ya zimene ambuyawo anaona kapena kumva ndi makutu awo, mbali ina ya zimene anauzidwa pambuyo pake. Nthawi zambiri mbali yoyamba imakhala yaifupi: kugunda kwakukulu, agalu kuuwa, malole kuima mumsewu. Yachiwiri ndiyo imadzaza. Yaifupiyo ndiyo ya mtengo wapatali.

Anthu sasunga zaka m'mutu, amasunga zochitika. Ndiye m'malo mokakamira pa chaka, afunse kuti mvula inali itagwa kapena ayi, chimanga chinali chitabzalidwa, mwana uti anali kumsana. Amayi akati, "Ndinali ndi pakati pa wachitatu uja," chaka chapezeka, chifukwa wachitatuyo ali ndi chitupa, mwinanso dzina lake lili m'buku la ubatizo ku parishi.

Akatha apo akwere basi. Lusaka ili pa mtunda wa makilomita oposa 40 chabe, ndipo ku National Archives of Zambia, kudera la Ridgeway, amasunga nyuzipepala zakale monga Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail. Akatsegula za mu Novembala 1979 apeza dziko lili pa chipwirikiti. Mwezi umenewo asilikali a ku Rhodesia anaphulitsa milatho ingapo ya m'Zambia, ndipo wa pa Chongwe, wa pamsewu wopita ku Chipata ndi ku Malawi, unali umodzi mwa imeneyo. Mwezi wa Okutobala anali ataphulitsa kale milatho ya pa Chambeshi, pamodzi ndi wa njanji ya Tazara. Nthawi yomweyo ku London kunali zokambirana za ku Lancaster House zothetsa nkhondo ya ku Zimbabwe, zimene zinayamba mu Sepitembala nkusainidwa pa 21 Disembala 1979. Kudula misewu ya Zambia kunali kufinya a Kenneth Kaunda pakhosi, komanso kutchinga asilikali a ZIPRA a a Joshua Nkomo amene anali ndi misasa m'dziko muno.

Nyuzipepala nazo ndi mboni yoyenera kufunsidwa. Zambia inali pansi pa chipani chimodzi cha UNIP, ndipo nyuzipepala ziwirizo zinali m'manja mwa boma ndi chipani. Pa tsiku ndi malo nzodalirika, poti mlatho wogwa subisika. Pa kuyamikira mbali yawo, munthu awerenge mochenjera. Mwayi wake ndi wakuti a mbali inayo analembanso. Asilikali akale a ku Rhodesia anatulutsa mabuku odzitamandira, ndipo m'menemo amavomera kuti milatho ya mu Novembala 1979 inagwetsedwa ndi magulu awo apadera otchera mabomba. Adani awiri, amene sakanakhala pansi kupangana chonena, akagwirizana pa mfundo imodzi, mfundoyo yaima pa miyendo iwiri.

Tsopano anthu a m'basi aja angathe kuweruzidwa. Abambo amene anati anali anthu oyenda pansi ali pafupi ndi umboni. Amayi a ndege aja ndi mnyamata wa 1978 sakunama kwenikweni: ndege za ku Rhodesia zinaponyadi mabomba pafupi ndi Lusaka mu Okutobala 1978, miyezi 13 mlatho usanagwe. Patapita zaka zoposa 40, mantha awiri oyandikana amasungunukira pamodzi nkukhala tsiku limodzi. Ngakhale mkulu woloza pawindo uja ali ndi kachilema pang'ono. Mu Novembala 1979 nduna yaikulu kutsidya kwa Zambezi sanalinso a Ian Smith koma a Bishopu Abel Muzorewa, amene analowa pampando mu Juni chaka chomwecho, dziko likutchedwa Zimbabwe Rhodesia. Komabe ankhondo anali omwe aja, akuluakulu awo ali azungu omwe aja, ndiye mawu akuti "asilikali a Smith" akuphonya dzina koma akulasa chinthu chenicheni. Wolemba wabwino amalemba zonse ziwiri.

(Nyimbo pang'ono.)

Abambo ena a kwa a Nkomeshya afunsa mokhala ngati akwiya. Akuti, kodi pulogalamuyi ikunena kuti zimene makolo anasiya pakamwa nzachabe, zoona ndi zokhazo zimene mzungu analemba?

Ayi ndithu, ndipo umboni wake uli kumwamba. Akuluakulu a Chingoni ankasimba kuti tsiku limene Zwangendaba anawolotsa anthu ake pa Zambezi, cha kufupi ndi Zumbo kumene Luangwa amathira, dzuwa linada masana. Panalibe mlembi pagombepo. Koma kadamsana sabwera mwachisawawa, ndipo akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengera chobwerera mmbuyo kuti anachitika liti ndipo mthunzi wake unadutsa kuti. Atawerengera anapeza kadamsana wa mu Novembala 1835 amene anaoneka m'dera limenelo. Chaka chimene ana amaloweza pa mayeso, cha 1835, chinachokera pa kadamsana amene makolo anasunga pakamwa, masamu anangopeza nthawi yake. Amene anaona mdima wa masana wa pa 21 Juni 2001 ku Lusaka ndi madera ozungulira, nkhuku zikulowa m'khola dzuwa lisanalowe, akumvetsa chifukwa chake chinthu chotero sichiiwalika.

Mbiri ya pakamwa imasunga bwino zinthu zina: mayina a malo, mitsinje imene anthu anawoloka, ubale wa mafuko, njala, dzombe, nkhondo. Imafooka pa ziwerengero ndi pa kutalika kwa nthawi. Chovuta china ndi kulowa dzina. Dzina lakuti Nkomeshya, Undi kapena Mpezeni si la munthu mmodzi, ndi mpando. Mpezeni amene Angoni ake anamenyana ndi Angerezi mu 1898 anali woyamba, ndipo dzinalo linapitirira mpaka kwa wachinayi. Wokamba akati "Undi anachita chakuti," zochita za mafumu angapo zimaunjikana pa mutu umodzi, mibadwo isanu nkuoneka ngati iwiri. Wofunsa afunse kuti, "Undi wake uti? Mwana wa mlongo wa ndani?" Ndipo adziwe kuti mndandanda wa mafumu wokambidwa pa nthawi ya mkangano wa ufumu kapena wa malo umakhala utapendekera kwa wokambayo, monga mmene mboni imapendekera kwa mbale wake.

Nazo zolembedwa zili ndi matenda akeake. Ku National Archives kuli mabuku amene mabwana a DC a nthawi ya atsamunda ankalembamo mbiri ya mafuko ndi mafumu a m'maboma awo. Munthu akawaona, a inki yakale ndi mapepala ofiirira, amaganiza kuti wafika pa gwero. Koma bwanayo anazitenga kuti? Anafunsa akuluakulu a m'mudzi, kudzera mwa womasulira, mesenjala ataima pambali, anthu akudziwa kuti mayankho awo akhudza msonkho ndi ufumu. Ndi mbiri ya pakamwa yomweyo, yovala jekete.

Pepala limathanso kutsekereza mboni. Usiku wa pa 17 kuchera pa 18 Sepitembala 1961, ndege ya mlembi wamkulu wa United Nations, a Dag Hammarskjöld, inagwa pafupi ndi Ndola, ndipo anthu onse 16 anafa. Bungwe lofufuza la boma la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland linati oyendetsa ndege ndiwo analakwitsa. Anthu akuda a m'deralo, ena mwa iwo ootcha makala amene anali kutchire usiku umenewo, ananena kuti anaona ndege ina kapena moto m'mwamba, koma mawu awo sanawerengeredwe. Mu 2015 United Nations inatsegulanso nkhaniyo motsogozedwa ndi a Mohamed Chande Othman, amene anali mkulu wa oweruza ku Tanzania, ndipo lipoti lawo la 2017 linati nkotheka kuti ndegeyo inachitidwa chiwembu kuchokera kunja. Mpaka pano mlanduwo sunagamulidwe. Chimene chinasintha ndi chakuti wootcha makala anayamba kufunsidwa ngati mboni, osati ngati munthu wosadziwa kanthu.

(Nyimbo pang'ono.)

Funso lotsatira ndi lolemera, ndipo lachokera kwa amayi ena amene ankakhala ku Lusaka mu 1978. Akuti amakumbukira magalimoto akuthamangitsira ovulala ku chipatala cha UTH. Mdzukulu wawo wawaonetsa kanema wa pa foni wotamanda oyendetsa ndege amene anachita zimenezo. Akufunsa kuti zoona zake za ku Chikumbi nziti.

Zimene mbali zonse zimavomereza ndi izi. Pa 3 Sepitembala 1978 asilikali a ZIPRA anagwetsa ndege ya anthu wamba ya Air Rhodesia itangonyamuka ku Kariba, ndipo anthu 48 anafa. Pa 19 Okutobala chaka chomwecho ndege zankhondo za ku Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Freedom Camp ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo tsiku lomwelo anaukiranso msasa wa ku Mkushi, kumene kunali atsikana ambiri. Manda a anthu ambirimbiri alipo mpaka lero, ndipo a ku Zimbabwe amabwera kudzawayendera.

Pa ziwerengero mpamene njira zimapatukana. Boma la Rhodesia linati lapha zigawenga pafupifupi 1,500. A Nkomo anati ku Chikumbi kwafa anthu 226, ovulala 629, ndipo anati anali othawa kwawo. Wongoyamba kumene amafulumira kusankha chiwerengero chimodzi, kapena kutenga cha pakati ngati akutsatsana mtengo wa mbuzi. Zonsezo nzolakwika. Choyamba aone ngati manambala awiriwo akuwerenga chinthu chimodzi. Sakutero ayi: cha 1,500 chinali cha misasa yonse imene anaiukira masiku amenewo, pamene cha 226 chinali cha msasa umodzi. Kenako afunse kuti anawerenga ndani, ataima pati. Ku Chikumbi a Rhodesia anamenya ali m'mwamba, ndipo munthu wodutsa pa liwiro la ndege yankhondo, pansi pali utsi ndi fumbi, sawerenga mitembo, amangoyerekeza. Amene anatola ovulala ndi kukumba manda anali pansi. Komanso aliyense anali ndi chofuna. Boma la Smith linkafuna chiwerengero chachikulu kuti azungu ake, amene anali ndi ukali wa ndege ija, aone kuti labwezera. A Nkomo ankafuna kuti dziko lapansi lione anthu osalakwa, osati gulu lankhondo lopezedwa lili mtulo.

Mayina awiri aja, "zigawenga" ndi "othawa kwawo," ndiwo pagona pulopaganda. Lililonse likuweruza mlandu usanayambe. Asilikali akale a ZIPRA amene anapulumuka akhala akufotokoza m'zaka zapitazi kuti msasawo unali wa gulu lawo, ndipo munkadutsa anyamata ambiri odikira kupita kukaphunzira usilikali, ochuluka opanda mfuti. Chithunzi chimenechi sichikomera mbali iliyonse mokwanira, ndipo nchifukwa chake chili choyenera kuchimvetsera. Mboni ikanena chinthu chosaipindulitsa, nduna zimatchera khutu.

Kanema wa mdzukulu uja ayenera kuti watsamira pa tepi yotchuka ya Green Leader. Mtsogoleri wa ndegezo, Chris Dixon, analankhula pa wailesi ndi woyang'anira ndege pa nsanja ya bwalo la ndege la Lusaka, limene lero ndi Kenneth Kaunda International Airport, m'boma lino la Chongwe. Anamuuza kuti iwo alibe mangawa ndi Zambia, abwerera adani awo okha, ndipo ndege zankhondo za Zambia zisayerekeze kunyamuka. Mawuwo anajambulidwa, ndipo ku Rhodesia anaulutsidwa mobwerezabwereza.

Tepiyo si yopeka. Zimene zikumvekamo zinanenedwadi. Koma womvera adzifunse kuti chojambuliracho chinali kuti. Chinali m'ndege. Mukumveka mawu a munthu wodekha, waulemu, wodziwa ntchito yake. Simukumveka aliyense wa mumsasa. Wojambula ndi amene anaponya mabomba, wosankha zoulutsa ndi boma lake, ndipo cholinga chinali kulimbitsa mitima ya anthu ake pa nkhondo imene inkawaipira. Ngati umboni wa zimene woyendetsa ndege ananena, tepiyo ndi yabwino kwambiri. Ngati umboni wa amene anali mumsasa ndi mmene anafera, ilibe chonena. Pa mbali imeneyo amayi amene anaona magalimoto akulowa pa UTH akudziwa zimene tepiyo sidziwa, ndipo mdzukulu wawo angachite bwino kutembenuza foniyo nkujambula iwowo.

(Nyimbo pang'ono.)

Wogulitsa pa msika wa Chongwe akufunsa mwachidule: ngati anthu onse akunena chinthu chimodzi, chingakhale bwanji bodza?

Achikulire ena amakumbukira banyama. Kuyambira cha m'ma 1930 mpaka kuyandikira ufulu wa 1964, m'madera ambiri a Northern Rhodesia munkamveka kuti kuli anthu otumidwa ndi azungu amene amagwira anzawo usiku nkuwapopa magazi. Ena oganiziridwa anali ogwira ntchito yolimbana ndi ntchentche za kaodzera, ena ansembe, ena alendo chabe. Katswiri wa mbiri wa ku Zambia, a Mwelwa Musambachime, analemba za mphekesera imeneyi, ndipo a Luise White anatulutsa buku lonse pa nkhaniyi mu 2000. Okamba anali zikwizikwi. Woti anaona ndi maso ake nkuonetsa umboni wogwirika sanapezeke. Anthu chikwi obwereza mawu a munthu mmodzi ndi mboni imodzi, ndipo mmodziyo akasowa, mboni palibe.

Izi sizikutanthauza kuti wolemba mbiri aitaye. Mphekesera ya banyama si umboni wakuti magazi ankapopedwa, koma ndi umboni wamphamvu wa mmene anthu ankaonera boma limene linkawatenga amuna kupita nawo ku migodi, kuwabaya majekeseni ndi kuwatenga magazi osawafotokozera. Yomweyo inatulukiranso ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 ndi dzina la anamapopa. Kuno mu 2020 nkhani ya opopera gasi m'nyumba, imene inayambira ku Chingola, inafalikira dziko lonse kudzera pa WhatsApp, ndipo anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu olusa pongowaganizira. Chizindikiro chake nchimodzi nthawi zonse: zachitika mudzi woyandikana, waona ndi msuweni wa mnzake wa wokambayo, ndipo uthenga ukuumiriza kuti utumizidwe msanga.

(Nyimbo pang'ono.)

Funso lomaliza labwereranso kwa wophunzira wa ku Chalimbana uja. Akuti nanga akafunsa onse, nkuwerenga zonse, koma mboni zikutsutsanabe, alembe chiyani?

Alembe zimene wapeza, iliyonse ndi kulemera kwake. Chichewa chili ndi mawu okwanira ntchito imeneyi. Pali "zinachitika," pali "zikuoneka kuti," pali "malinga ndi a uje," pali "anthu ankanena kuti," palinso "sizikudziwika." Pa mlatho, ndime yake ingamveke motere: mlatho wa pa Chongwe unaphulitsidwa ndi asilikali a ku Rhodesia mu Novembala 1979, ndipo pa ichi nyuzipepala za ku Zambia ndi mabuku a asilikaliwo zikugwirizana, mwa akuluakulu amene ndawafunsa, akuti ndi akuti anamva kugundako ali m'midzi yawo, koma palibe anaona otcherawo, mmodzi akutchula ndege, zimene zikuoneka kuti wasakaniza ndi za mu 1978. Pansi pake alembe tsiku limene anacheza ndi aliyense, mudzi wake, zaka zake pa nthawiyo, ndi tsiku la nyuzipepala iliyonse, kuti wina wokayika athe kulondola mapazi ake nkumutsutsa ngati walakwa.

Asachedwenso. Amene anali ndi zaka 20 mu 1979 tsopano apitirira 60, ndipo amene anali akuluakulu nthawi imeneyo atsala owerengeka. Omvera amene ali ndi ambuya okumbukira masiku amene malole anaima pa Chongwe awafunse madzulo ano kuti anali kuti ndipo mvula inali itagwa kapena ayi, alembe yankho lake mmene lanenedwera, nkulitumiza kuno kuti lidzawerengedwe pa pulogalamu ya sabata yamawa.

(Nyimbo yotsekera.)